Bondi si pinyolo: zimene wokongoza angatenge ndi zimene sangakhudze ku Joni

Ambirife tinakula tikudziwa pinyolo. Mumasiya wailesi kapena makina osokera kwa munthu, iye amakupatsani ndalama, ndipo mukalephera kubweza, katundu uja wapita, nkhani yathera pomwepo. Maganizo amenewa tinawoloka nawo Limpopo. Nthawi zambiri ndikamacheza ndi makolo a ana amene ndimaphunzitsa, ndimamva mawu akuti, "Zikavuta atenge nyumba yawoyo, ife tibwerere kumudzi." Mawuwa ali ndi zolakwika ziwiri. Nyumbayo si ya banki, ndi yanu. Komanso ikapita, ngongole sikuti imapita nayo.

Zimene ndifotokoze pano ndi malamulo a ku South Africa, kumene kuli anthu athu ambiri. Amene muli ku England, nakonso banki imayenera kupita kukhoti isanakuchotseni m'nyumba imene mukukhalamo, koma masiku ndi mapepala ake n'zosiyana. Ku America zigawo zina zimalola wokongoza kugulitsa nyumba popanda kudzera kukhoti. Choncho musatenge masiku a kuno n'kukawerengera kumeneko.

Chikole ndi chinthu chimene mwalonjeza kuti wokongoza adzapezepo ndalama zake mukadzalephera kubweza. Pa pinyolo, chikolecho mumasiya m'manja mwake. Pa ngongole ya nyumba, imene kuno aliyense amangoti bondi, chikolecho mumakhalamo nokha. Dzina limene limalembedwa ku ofesi ya boma yosunga zikalata za malo ndi lanu, koma pa chikalata chomwecho amalembaponso kuti banki ili ndi bondi. Tanthauzo lake n'lakuti simungasamutse nyumbayo kupita m'dzina la munthu wina banki isanalipidwe, ndipo ikagulitsidwa chifukwa cha ngongole, banki imakhala patsogolo pa anthu ena wamba amene munawakongola. Mphamvu yake ndi imeneyo: kulipidwa kuchokera pa mtengo wa nyumba. Ilibe mphamvu yongoitenga kukhala yake. Ngakhale mutasaina pepala lonena kuti "ndikalephera kubweza, nyumba ikhale yanu", malamulo a kuno salivomereza pangano lotero. Ndipo mu 1999, pa mlandu wa Mfumu Lesapo ndi banki ina ya zaulimi ya m'chigawo cha North West, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti lamulo lolola banki kulanda ndi kugulitsa katundu wa munthu popanda khoti n'losemphana ndi malamulo a dziko. Wokongoza sangakhale woweruza pa mlandu wake womwe.

Tiyeni tiyerekeze ndi banja limodzi, bambo woyendetsa thiraki ndi mayi wogwira ntchito m'sitolo. Agula nyumba ya R900,000, apereka dipoziti ya R90,000, ndipo banki yawakongoza R810,000 yobweza pa zaka 20. Tinene kuti chiwongoladzanja ndi 11 pa 100 pachaka ndipo sichikusintha, ngakhale kuti kwenikweni chimakwera ndi kutsika. Pamwezi azilipira pafupifupi R8,360. Alipira mokhulupirika zaka zisanu, zimene zikukwana pafupifupi R500,000. Mukawafunsa, anganene kuti nyumba ailipira kupitirira theka. Koma akapita kubanki, awauza kuti ngongole yatsala pafupifupi R735,000. Pa theka la miliyoni lija, zimene zachepetsa ngongole yeniyeni ndi R75,000 chabe. Zotsalazo zinali chiwongoladzanja. Apa palibe kuba. Zaka zoyambirira ngongole imakhala yaikulu, ndiye chiwongoladzanja chimadya pafupifupi zonse zimene mukupereka. Koma n'chifukwa chake banja limene lagwa m'mavuto m'zaka zoyamba limakhala pangozi yaikulu kuposa limene latsala ndi zaka zitatu.

Tsopano bambo uja ntchito yatha. Miyezi inayi yadutsa osalipira, ndipo zotsalira zakwana R33,440.

Banki iyamba ndi mafoni ndi mauthenga, koma zimenezo si mlandu ayi. Mlandu umayambira pa kalata imodzi. Lamulo la ngongole la mu 2005, National Credit Act, limanena kuti wokongoza asanapite kukhoti ayenera kukutumizirani chidziwitso cholembedwa, ndipo pamwamba pake mudzaona mawu akuti "Section 129". Kalatayo imakuuzani kuti mwatsalira ndi ndalama zakuti, ndiponso kuti mungathe kupita kwa mlangizi wa ngongole kapena kwa ena othandiza kukambirana kuti mugwirizane njira yolipirira. Wokongoza sangakusumireni mpaka mutakhala otsalira kwa masiku 20 a ntchito, komanso patadutsa masiku 10 a ntchito kalatayo itaperekedwa.

Pa kalatayi m'pamene anthu athu amagwera kwambiri. Imatumizidwa papositi yolembetsa, kapena kuperekedwa kwa munthu wamkulu, ku adiresi imene munalemba pa pangano. Ambiri pogula nyumba analemba adiresi ya chipinda chimene ankachita lendi, ndipo sanasinthe. Ena kalata imafika ali kumudzi kumaliro. Enanso amaona kapepala ka kupositi, n'kudziwa kuti m'menemo mulibe zabwino, n'kukasiya pamwamba pa firiji. Mu 2014, pa mlandu wa a Kubyana, khoti lalikulu lija linanena kuti banki ikatumiza kalata ku positi yoyenera ndipo positi n'kukudziwitsani, koma inu osapita kukatenga popanda chifukwa chomveka, simungadzanene kuti simunauzidwe. Mukasamuka, lemberani banki adiresi yatsopano, ndipo musunge umboni woti munalemba.

Ndiyankhuleko ndi ana, pakuti m'nyumba zambiri ndinu amene mumawerengera makolo makalata a Chingelezi. Mukaona "Section 129" kapena "Summons" pa pepala, musadikire kuti adadi akhale osangalala kaye. Onani tsiku limene lafika, mulilembe, muwauze madzulo omwewo. Masiku a mapepala amenewa amawerengedwa, ndipo sayembekezera munthu.

Masiku amenewa ndi amtengo wapatali chifukwa njira zonse zikadali zotsegula. Banja lija lingapemphe banki kuti zotsalirazo zigawidwe pa miyezi ingapo kapena kuti zaka zobwezera ziwonjezedwe. Lingapite kwa mlangizi wa ngongole wolembetsedwa ku National Credit Regulator, amene angakonze ngongole zawo zonse kuti zilipidwe pang'onopang'ono ndi chilolezo cha khoti. Koma izi muzichita samani isanatuluke, chifukwa wokongoza akayamba kale mlandu pa ngongole ina, mlangizi sangaiphatikizenso mwa iye yekha.

Akangokhala chete, pangano lili ndi ndime imene ambiri saiwerenga. Imanena kuti mukatsalira, banki ingathe kuitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi. Ndiye samani ikamabwera ndi sherifu, sikunena za R33,440 ayi, ikunena za ndalama zoposa R760,000. Muli ndi masiku 10 a khoti oti mudziwitse kuti mudzadziteteza. Mukapanda kutero, chigamulo chingaperekedwe inu kulibe.

Anthu akaona ndalama yaikuluyo amataya mtima, koma apa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire bwino. Lamulo lomwe lija limalola munthu kubwezeretsa pangano m'malo mwake polipira zotsalira zokha, pamodzi ndi zolipiritsa zololedwa ndi ndalama zoyenera zimene wokongoza wawononga pa mlandu. Simufunika kupeza R760,000. Mlandu wa mayi Nomsa Nkata wa mu 2016 ndi umene unamveketsa zimenezi. Iwo anali atalipira zotsalira zawo zonse, koma banki inagulitsabe nyumba yawo. Khoti lalikulu linagamula kuti pangano linabwerera m'malo tsiku limene iwo anamaliza zotsalirazo, ngakhale sanauze banki kuti akubwezeretsa pangano, ndipo kuti ndalama za maloya sizinali zoyenera kulipidwa kufikira banki itazitchula n'kugwirizana nawo kapena khoti litaziwerengera. Khomo limeneli limatsekeka pangano likathetsedwa mwalamulo kapena nyumba ikagulitsidwa. Choncho ngati abale ali ku Leeds kapena ku Indiana akufuna kusonkha, ndalama yofunika kufunsa kubanki ndi ya zotsalira, ndipo muifunse molemba.

Chigamulo choti muli ndi ngongole sichokwanira kuti nyumba igulitsidwe. Pamafunika woweruza anene kuti nyumba imeneyi igulitsidwedi. Kale sizinali choncho. Ku Prince Albert, katawuni kakang'ono ka ku Karoo, mayi Maggie Jaftha anakongola R250, ndipo nyumba yawo inagulitsidwa R5,000. Mayi Christina van Rooyen anatenga ndiwo zamasamba za R190 pa ngongole, nyumba yawo n'kugulitsidwa R1,000. Zonsezi zinkatheka ndi chidindo cha kalaliki wa khoti, woweruza osaonako. Mu 2004 khoti lalikulu linathetsa mchitidwewu, ndipo mu 2011, pa mlandu wa mayi Gundwana, linanena kuti ngakhale nyumba ya bondi iyenera kudutsa pamaso pa woweruza. Kuyambira mu Disembala 2017 makhoti akulu amatsatira lamulo lotchedwa "Rule 46A". Ngati nyumbayo ndi imene mumakhalamo, muyenera kudziwitsidwa za tsiku la mlandu, woweruza ayenera kuona ngati pali njira ina yolipirira ngongoleyo, ayenera kuona mtengo weniweni wa nyumbayo, ndipo angathe kuika mtengo umene okushoni isatsikepo.

Tsiku limenelo pitani kukhoti, ngakhale mulibe loya. Woweruza amagamula ndi zimene zili patsogolo pake. Akaona mpando wopanda munthu, amangokhala ndi mapepala a banki. Akaona bambo ali ndi kalata yoti wapeza ntchito ina kuyambira mwezi wamawa, ali ndi malisiti a ndalama zochepa zimene wakhala akupereka, ndipo akutha kunena kuti m'nyumbamo muli ana angati ndiponso akuphunzira kuti, nkhani imasintha. Sikuti ngongole imafufutidwa, koma angapereke nthawi, kapena kuika mtengo wabwinopo. Amene alibe ndalama za loya angafunse ku Legal Aid South Africa kapena kumaofesi othandiza zamalamulo a m'mayunivesite.

Tinene kuti zonse zalephereka. Papita chaka ndi miyezi ingapo chisiyireni kulipira, ndipo ngongole, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama za mlandu, yafika R850,000. Sherifu wagulitsa nyumba pa okushoni, ndipo zimene zafika kubanki ndi R700,000. Zotsala ndi R150,000, ndipo zimenezo zikadali pamutu pa banja lija. Dipoziti yapita, R500,000 ya zaka zisanu yapita, nyumba yapita, ngongole ikadalipo. Ngongole zambiri wamba zimatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu wokongoza osasuma ndipo inu osalipirako kapena kuivomera, koma ngongole imene khoti lagamula imakhala zaka 30. Pa pinyolo weniweni, wolembetsedwa mwalamulo, katundu akagulitsidwa ngongole yatha. Pa bondi ayi.

Kumbali ina, nyumbayo itabweretsa R950,000, R100,000 yapamwambayo si ya banki. Ngati palibe ena amene ali ndi chigamulo pa inu, ndi yanu, ndipo muyenera kuifunsa. Koma okushoni kawirikawiri sibweretsa mtengo wa pamsika, chifukwa ogula kumeneko amadziwa kuti angakumane ndi ngongole za kukhonsolo ndi mlandu wotulutsa anthu m'nyumba, ndiye amatsitsiratu mtengo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti banja limene laona kuti ntchito sibwera msanga liyenera kuganiza zogulitsa lokha nthawi ikadalipo. Pa mwezi wachinayi uja ngongole inali pafupifupi R760,000. Akanagulitsa okha pa R950,000, n'kulipira wowagulitsira ndi banki, akanatsala ndi ndalama zoposa R100,000 m'manja, m'malo mwa ngongole ya R150,000. Mabanki akuluakulu ali ndi ndondomeko zothandiza munthu kugulitsa motere. N'zowawa, ndipo anthu kutchalitchi adzayankhula, koma adzayankhulanso sherifu akadzafika.

Ngakhale nyumba itagulitsidwa, wogulayo sangabwere ndi anyamata ake kudzathyola loko kapena kutaya katundu panja. Malamulo a dziko, pa ndime 26, amanena kuti palibe munthu angachotsedwe m'nyumba imene amakhala popanda chilolezo cha khoti. Mawuwo amanena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Mwini watsopano ayenera kusuma mlandu wina pansi pa lamulo la mu 1998, ndipo muyenera kudziwitsidwa masiku 14 mlanduwo usanamvedwe.

Nanga R150,000 ija aipeza bwanji? Apa wokongoza sakugwiranso chikole, akungogwira chigamulo cha khoti, ndipo njira zake n'zofanana ndi za wina aliyense amene wakupambanani mlandu wa ngongole, kaya ndi sitolo ya mipando kapena chipatala. Njira yoyamba ndi sherifu wokhala ndi chikalata cha khoti cholanda katundu. Amafika, amalemba katundu, ndipo pambuyo pake angamunyamule kukagulitsa. Muli ndi ufulu womufunsa chitupa chake ndi chikalatacho. Wosonkhetsa ngongole wamba, ngakhale avale jekete yooneka ngati ya boma, si sherifu, ndipo sangalowe kapena kunyamula kanthu inu musanalole. Koma sherifu weniweni wokhala ndi chikalata musalimbane naye. Lamulo limamulola ngakhale kutsegulitsa chitseko.

Pali zimene sherifu sangatenge. Mabedi, zofunda ndi zovala zofunika za inu ndi banja lanu zimatsala. Chakudya chokwanira mwezi umodzi chimatsala. Mipando ndi ziwiya zofunika, komanso zida za ntchito yanu, zimatetezedwa mpaka pa mtengo umene lamulo linaika, umene ndi wochepa, moti wailesi yakanema yaikulu ndi galimoto musaziwerengere kuti zitsala. Katundu wa munthu wina sayenera kugulitsidwa chifukwa cha ngongole yanu. Izi zimatikhudza kwambiri ife, chifukwa m'nyumba zathu mumakhala katundu wa achimwene amene akudikira thiraki yopita ku Mzimba kapena ku Mangochi. Mwini wake ayenera kuuza sherifu molemba, ndi chikalata cholumbira ndi malisiti, ndipo wokongoza akakana, khoti ndilo ligamule. Popanda lisiti zimavuta.

Njira yachiwiri ndi kudula pa malipiro. Kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu cha mu 2016, chilolezo chodula chiyenera kuperekedwa ndi woweruza, osati kalaliki, ndipo lamulo linasinthidwa kuti zodulidwa zonse za mtunduwu zisapitirire 25 pa 100 ya malipiro anu enieni. Mayi uja ngati amalandira R8,000, sangadulidwe zoposa R2,000. Ndalama zimene zili m'thumba la penshoni zimatetezedwa kwa okongoza wamba, kupatula pa zinthu zochepa monga chisamaliro cha ana ndi ngongole ya nyumba imene penshoniyo inaimira. Koma mukazitulutsa n'kuziika mu akaunti yanu, zasanduka ndalama wamba. Ambiri ntchito ikatha amathamangira kutulutsa penshoni, muziganiza kawiri. Kundende chifukwa chongolephera kubweza ngongole simungapite, zimenezo zinathetsedwa mu 1995, koma khoti likakuitanani kuti mudzafotokoze za chuma chanu, pitani, chifukwa kunyozera kuitana kwa khoti ndi mlandu wina.

Nyumba imene mukumanga ku Chileka sherifu wa ku Germiston sangaifikire. Chigamulo cha kuno chilibe mphamvu chokha ku Malawi. Wokongoza ayenera kukapempha khoti la kumeneko kuti lichivomereze. Koma amene angafikidwe mosavuta ndi mnansi amene anasaina kuti akuimirani. Kusaina kotero si umboni chabe woti mumamudziwa munthuyo. Mapepala ambiri a mabanki amalembedwa moti woimirayo amakhala wangongole mnzake, ndipo banki ingathe kuyambira kwa iye. Banja lija likakwera basi n'kubwerera kumudzi, R150,000 ija imatsalira mlamu amene anasaina, pamodzi ndi malipiro ake ndi nyumba yake.

Galimoto yogula pa ngongole ndi yosiyana pang'ono, chifukwa nthawi zambiri imakhala ya banki mpaka mutamaliza kulipira. Komabe njira zoitengera ndi ziwiri zokha: muipereke nokha, kapena sherifu abwere ndi chilolezo cha khoti. Anthu amene amakupezani pamalo oimika magalimoto n'kukupatsani pepala loti musaine, kawirikawiri pepalalo limanena kuti mwaipereka mwa kufuna kwanu. Simukakamizidwa kusaina. Mukasankha kuipereka, banki iyenera kukulemberani mtengo umene ikuyerekeza, kuigulitsa pa mtengo wabwino umene ungapezeke, n'kukuonetsani masamu ake. Zikaperewera, zotsalazo n'zanunso.

Ndimalize ndi akatapila, amene kuno amawatcha mashonisa, chifukwa ambiri amene banki yawakana amathera kumeneko, ndipo ena mwa okongozawo ndi anthu akwathu omwe. Chikole chimene amakonda ndi pasipoti, khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi. Lamulo la mu 2005 limaletsa wokongoza kusunga chitupa, khadi la banki kapena chikalata china chodziwitsa munthu, ndipo kugwiritsa ntchito zimenezi potolera ngongole ndi mlandu wa kupolisi. Aliyense wochita bizinesi yokongoza ayenera kulembetsa ku National Credit Regulator, ndipo kuyambira mu 2016 zilibe kanthu kuti amakongoza zochepa bwanji. Pangano la wosalembetsa khoti limaliona kuti n'losaloledwa. Izi sizitanthauza kuti mwadya zaulere, popeza angathe kupempha khoti kuti mumubwezere ndalama imene anakupatsani, koma chiwongoladzanja cha theka pamwezi chija khoti silingamuthandize kutolera. Ndikudziwa chifukwa chake anthu sapita kupolisi: mapepala a ena sali bwino, ndipo katapila amadziwa zimenezo. Amene ali m'vuto lotero ayambe wafunsa ku ofesi yothandiza zamalamulo, atanyamula mauthenga a pafoni ndi chilichonse chosonyeza ndalama zimene analandira ndi zimene wabweza kale.